Ma Grace Banda atatu pa listi imodzi

Sabata ino ku ofesi ya kopaletivi yathu kuno ku Dedza ntchito inali imodzi basi, kupeza amene sanabweze ngongole ya mbewu ya mbatatesi. Listi yoyamba ndi ya amene anatenga mbewu, inalembedwa ndi ma tcheya a makalabu a ku Bembeke ndi ku Linthipe, yachiwiri ndi ya amene alipira, ena pa foni ena pamanja. Abwana anangoti kalaliki, pofika Lachisanu ndione mayina a osalipira.

Lolemba ndinaika ma listi onse mu fayilo imodzi ya Excel, shiti ina Ngongole ina Olipira, mayina mu kolamu A ndalama mu B. Kenako ku shiti ya Ngongole ndinalemba fomula yofufuza dzina lililonse ku shiti ya Olipira n'kubweretsa ndalama zake:

```
=VLOOKUP(A2,Olipira!$A$2:$B$400,2,FALSE)
```

FALSE uja ndiye amati ndipezere dzina lenilenilo, mukamusiya Excel amangotola loyandikira n'kukupatsani ndalama za munthu wina. Ma $ nawo amagwira malire a listi kuti asatsetsereke mukamakokera fomula pansi. Nditakokera, aaa #N/A mbwee, mpaka amayi ena amene ndinawalembera lisiti ndekha akuoneka ngati sanalipire.

Lachiwiri ndiye kunali kufufuza. Zilembo zazikulu kapena zazing'ono si vuto, VLOOKUP sasiyanitsa BANDA ndi Banda. Chimene chimavuta ndi sipesi yosaoneka. Grace Banda ndi zilembo 11 kuwerengera sipesi yapakati, koma `=LEN(A2)` amabweretsa 12, ndiye kuti wolembayo anadina sipesi kumapeto. TRIM amachotsa zimenezo, koma mayina okopedwa pa intaneti amabwera ndi sipesi ya mtundu wina imene TRIM saiona, ndiye ndinapanga kolamu yatsopano mbali zonse ziwiri:

```
=TRIM(SUBSTITUTE(A2,CHAR(160)," "))
```

Ndinaikopa n'kumata Paste Values pamwamba pa mayina akale, ma #N/A ambiri anatha pomwepo. Otsalawo anali athu achimalawi, uyu walemba Chirwa uyo Chilwa, Felesiya kwina Felisiya, wina kuyamba ndi dzina la bambo, mayi wina anatenga mbewu pa dzina la kwawo n'kulipira pa dzina la amuna awo. Izi fomula singazithe, ndinazikonza pamanja kwinaku ndikuimbira ma tcheya.

Koma chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri si #N/A ayi, chifukwa iyeyo amakuuza poyera kuti sindinampeze. Choopsa ndi mzere umene wabweretsa ndalama bwinobwino koma za munthu wina. Lachitatu ndinaona kuti K45,000 yabwera katatu pa dzina la Grace Banda, makalabu osiyana. VLOOKUP amayamba kufuna kuchokera pamwamba, akangopeza dzina loyamba amaima pomwepo, sapitiriza. Ndiye ma Grace atatu onse anapatsidwa ndalama za mmodzi. Nditayang'ana ma lisiti, woyamba analipiradi K45,000, wachiwiri analipira K20,000 yokha, wachitatu sanaperekeko ngakhale tambala koma pa sikirini akuoneka woyera. Chizindikiro china chinali totala, kolamu ya VLOOKUP imaposa ndalama zimene zili ku shiti ya Olipira, zimene sizingatheke ngati aliyense wapezedwa kamodzi.

Kuti ndiwaone onse otere ndinawerengetsa mayina, shiti iliyonse payokha:

```
=COUNTIF($A$2:$A$400,A2)
```

Paliponse pamene panatuluka 2 kapena 3 ndinapaka chikasu. Ena anali munthu mmodzi amene analipira pang'onopang'ono, apanso VLOOKUP amangotenga malipiro oyamba okha, pamafunika SUMIF kuti aphatikize onse.

Mnzanga wa ku sitolo anati bwanji osangogwiritsa ntchito nambala za foni. Zimathekadi, `=RIGHT(D2,9)` amatenga manambala 9 akumapeto kaya nambalayo inayamba ndi 0, ndi 265, kapena Excel anadya ziro uja. Koma kumudzi foni imodzi imalipirira anthu angapo, mwana kutumizira amayi ake ndi azakhali ake omwe, ndiye tinazisiya.

Lachinayi magetsi kunalibe mpaka masana, kuzizira kwa kuno nako zala kuchita kuuma. Atayaka ndinalumikiza dzina ndi kalabu mu kolamu E, shiti zonse ziwiri, kalabu ili mu C:

```
=A2&"|"&C2
=SUMIF(Olipira!$E$2:$E$400,E2,Olipira!$B$2:$B$400)
```

Apa amene sanalipire amatuluka 0 osati #N/A, ndipo zilibe kanthu kuti kolamu yofufuzira ili kumanja, pamene VLOOKUP amafuna ikhale kumanzere kwa ndalama. XLOOKUP akanatha za kumanjazo koma laputopu ya ofesi ili ndi Excel 2016, mulibemo, komanso nayenso amangotenga woyamba.

Lachisanu totala inagwirizana, kupatula kalabu imodzi imene ili ndi ma Joseph Phiri awiri, bambo ndi mwana wawo, mzere wawo ndinaulekanitsa pamanja. Ndawapempha abwana kuti fomu ya sizoni ikubwerayi ikhale ndi malo a nambala ya chiphaso cha unzika, ati akakambirana ndi komiti Lolemba.