Mmene ndinayeretsera mano a mkwatibwi pa chithunzi osawatuwitsa

Chithunzi chinali cha mkwatibwi akuseka pakhomo la tchalitchi, velo atakankhira kumbuyo. Chinatuluka bwino, koma diresi linali loyera mbee, ndiye mano ake ankaoneka achikasu kuposa mmene alili pamaso. Iye mwini anangopempha kuti, "Achimwene, manowo muwakonzeko pang'ono, koma ndizioneka kuti ndine."

Ulendo woyamba ndinaphonya. Mu Photoshop ndinazunguliza mano ndi Lasso Tool, n'kuika leya ya Hue/Saturation, n'kukokera Saturation mpaka -100. Chikasu chinachoka ndithu, koma mano anatuwa ngati phulusa. Nditayang'ana manambala pa Info (F8), ndinamvetsa chimene chinachitika. Dzino lakutsogolo poyamba linali R 218, G 205, B 160, manambala oyeza kufiira, kubiriwira ndi buluu. Mukachotsa mtundu wonse, manambala atatuwo amakumana pakati, cha pa 189. Apa dzino lataya mtundu komanso lada, ndipo kutuwa kuja kumachokera pamenepa. Kuchotsa chikasu ndi kuwalitsa ndi ntchito ziwiri, ndipo iliyonse imafuna dzanja lopepuka.

Ndinafufuta leyayo n'kuyambiranso. Pa Hue/Saturation yatsopano ndinasintha Master kukhala Yellows, kuti milomo ndi nkhama zisakhudzidwe kwambiri, ndipo Saturation ndinaimitsa pa -45. Kenako ndinadina masiki, n'kusindikiza Ctrl+I kuti ide yonse, kusintha kuja kubisike. Ndinatenga burashi yofewa, Hardness 0%, Flow 20%, utoto woyera, n'kuyamba kupaka pa masikiyo dzino limodzi limodzi, kuti kusinthako kuonekere pokhapo pamene ndapaka.

Apa ndi pamene ndimathera nthawi yambiri, ndipo sindithamanga. Mano a munthu safanana onse. Mano osongoka a m'mbali aja mwachibadwa amakhala achikasu kuposa anayi akutsogolo, ndipo dzino lililonse limakhala ndi chikasu chambiri chakufupi ndi nkhama kusiyana ndi kunsonga. Choncho pa osongokawo ndinadutsapo kanayi, pa akutsogolo kawiri kokha, kuti ayandikane mtundu koma asachite kufanana ngati matailosi. Timizere takuda ta pakati pa mano sindinatigwire. Tikafufutika, kamwa lonse limaoneka ngati mwamatamo pepala loyera.

Kuwalitsa ndinachitira pa leya ina ya Curves. Ndinakopera masiki yomwe ija pogwira Alt n'kuikokera pa leya yatsopano, kenako ndinakweza pakati pa mzere pang'ono chabe. Pa masiki imeneyi ndinapaka utoto wakuda pa mano a kumasaya. Amenewo amakhala mumthunzi wa milomo, ndipo ayenera kudera pamene akulowa mkati. Mukawawalitsa mofanana ndi akutsogolo, diso la munthu limazindikira msanga kuti pali chinyengo, ngakhale sangathe kuloza pamene chili.

Nditayesanso dzino lija, linali cha pa R 222, G 215, B 192. Ndimafuna kuti R ikhale pamwamba, G itsatire, B itsalire ndi 20 kapena 30. Atatuwo akafanana, dzino latuwa. B ikapitirira R, layamba kuoneka labuluu ngati getsi la chubu. Ndipo palibe nambala imene iyenera kufika 255 kupatula pa kadontho konyezimira malovu, chifukwa pa 255 maonekedwe onse a dzino amafafanizika.

Panali kabanga kofiirira pa dzino lachiwiri kumanzere kamene Yellows sinakagwire bwino, poti mtundu wake unapendekera ku kufiira. Kameneko ndinakapangira leya yakeyake, n'kusankha Reds, Saturation -25, Lightness +10, ndi kaburashi kakang'ono kuti ndisafike pa nkhama. Nkhama zikataya kufiira kwake munthu amaoneka wodwala.

Choyezera changa chomaliza si manambala ayi. Ndimasindikiza Ctrl+0 kuti nkhope yonse ioneke, n'kufananiza mano ndi koyera kwa m'maso. Mano asawale kuposa pamenepo, ndiponso asapikisane ndi diresi. Mkwatibwiyu ndi wakuda bwino, ndipo pa khungu lotere mano amaoneka oyera kale chifukwa cha kusiyana kwa mitundu, choncho zimene zimaoneka zochepa mutayandikitsa chithunzi zimakhala zambiri mukachibweza. Ndinaika maleya onse atatu mu gulu limodzi ndi Ctrl+G, n'kutsitsa Opacity kufika 70%. Ndinachoka kukamwa tiyi, pobwera n'kuzimitsa ndi kuyatsa gululo kangapo. Ndinaona kuti diso langa likuthamangirabe ku mano lisanafike ku maso ake, ndiye ndinatsitsanso mpaka 60% n'kumutumizira pa foni kuti aone.