Lachinayi kuchigayo: waya wachinayi uja bwanji akuwerenga 3.5?

Lero sindinapite kusukulu, ana ali paholide, ndiye m'mawa alamu anga anandiimbira kuti ndikawagwirire makwerero pa trediŋi senta yathu ija, pali nyumba ina yomwe ili ndi chigayo kumbuyo, kutsogolo kuli mashopu atatu, ndipo eni ake amadandaula kuti bulekala imodzi ikumagwa madzulo. Alamuwa ndi a zamagetsi, ine ndimaphunzitsa masamu, nthawi zambiri ntchito zathu sizikumana koma lero zakumana ndithu mpaka pano mutu wanga ukadali pa bokosi lija.

Titafika anatsegula bokosi la magetsi, mkati muli mawaya anayi akuluakulu ochokera panja, atatu amoyo omwe iwo amawatchula mafezi, wachinayi ndi nyutulo. Chigayo chinali chisanayatsidwe, mashopu okha ndi omwe amakoka moto. Anatulutsa mita yawo ija yokhala ngati chopanira, amangoikoleka pawaya osadula chilichonse. Fezi yoyamba maampu 12, yachiwiri 10, yachitatu 8. Kenako anandiyang'ana n'kuti, "Alamu, inu a masamu, moto wonsewu umabwerera kudzera pa nyutulo, ndiye tandiuzani pawerenga bwanji apa." Ine ndinati tikangophatikiza mwachisawawa ndi 30, koma ndikudziwa kuti sizifika pamenepo, tandipatseni pepala. Iwo sanadikire, anakoleka mita ija, inawerenga pafupifupi 3.5.

"Zikanakhala 10, 10, 10 bwenzi pali ziro," anatero, "timangodziwa choncho, mafezi akalingana nyutulo imapuma." Ndinawafunsa chifukwa chake, anati kukoleji anawauza kuti ndi nkhani ya madigiri 120 basi, zambiri sanazitsate. Mtima wanga unadumpha chifukwa ichi ndi chinthu chomwe ndimachikonda kwambiri m'masamu, maluti a yuniti, ndipo ndinali ndisanachionepo pa waya weniweni.

Tinakhala pa matumba a gaga ndikuwajambulira. Maluti a yuniti ndi manambala omwe ukawataimuza okhaokha kangapo umapeza 1. Ukati kawiri, alipo awiri, 1 ndi -1. Ukati katatu, pa manambala athu awambawa pali 1 yekha, koma ukalola manambala a kompulekisi, omwe timawajambula ngati mivi papepala osati timadontho pamzere, amapezeka atatu. Onse ndi mivi yotalika mofanana yochokera pakati pa gudumu, wina waloza kumanja, ndiye 1 uja, wina wapotoloka madigiri 120, wina 240. Ukati kanayi mivi ndi inayi yotalikirana madigiri 90, kasanu ndi isanu pa madigiri 72, zimangopita choncho ngati masipoko a njinga oikidwa bwino.

Pa iwiri ija palibe wotsutsa, 1 ndi -1 zimadyana. Pa inayi chimodzimodzi, uliwonse uli ndi mnzake woloza kumbuyo. Koma pa itatu kapena isanu palibe muvi womwe uli ndi mnzake woyang'anizana naye, ndiye alamu anafunsa funso labwino, kuti nanga apa akudya mnzake ndani? Apa ndi pomwe pali kukoma. Tiyerekeze kuti mivi itatu ija taiphatikiza, yatipatsa muvi umodzi, tiutche S, woloza kwinakwake. Tsopano zunguzani gudumu lonse madigiri 120. Woyamba wakhala pamalo pa wachiwiri, wachiwiri pa wachitatu, wachitatu wabwerera pa woyamba, chithunzi sichinasinthe olo pang'ono, ndiye S naye sayenera kusintha. Komatu S wazungulira nawo limodzi madigiri 120 amenewo. Muvi uliwonse wokhala ndi utali ukauzunguza choncho umaloza kwina, womwe sungasinthe ndi wopanda utali basi, ziro. Nkhani yonse ndi imeneyi, ndipo sikusamala kuti mivi ndi itatu kapena 17.

M'malembo a masamu, kuzunguza kuja ndi kutaimuza ndi ω, muvi woyamba pambuyo pa 1, ndipo poti ndi luti ya yuniti, ω³ ndi 1:

```
S = 1 + ω + ω²
ωS = ω + ω² + ω³ = ω + ω² + 1 = S
(ω − 1)S = 0
```

Poti ω si 1, wotsala kukhala ziro ndi S. Mzere womalizawu ndimauona ngati wofunika kuposa yonse chifukwa ukutiuzanso pomwe mfundoyi imafera: ω akakhala 1, palibe chomwe tazunguza, ndipo S akhoza kukhala chilichonse. N'chifukwa chake muvi ukakhala umodzi wokha, yankho ndi 1 osati ziro. Ana ambiri amaiwala zimenezi, koma madzulo ano ndaona kuti ngakhale mawaya amapsa nazo, ndifikako.

Tsono magetsi. Moto wathu kuno umapita uku ndi uku ka 50 pa sekondi, ndipo mafezi atatu aja sakwera limodzi, iliyonse imachedwa gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendo poyerekeza ndi inzake, ndiwo madigiri 120 aja. Panthawi yomwe fezi yoyamba ili pamwamba penipeni, tinene 10, ziwiri zinazo zili pa -5 ndi -5, phatikizani muone. Kamphindi kotsatira manambala asintha koma gudumu langozungulira, yankho ndi ziro yemweyo. Moto wobwera pa waya mmodzi ukubwerera pa awiri enawo, mosinthanasinthana. Alamu anandilozera mota ya chigayo, ikulowa mawaya amoyo atatu ndi wa ethi woteteza, nyutulo palibe, chifukwa makoyilo atatu a motayo ndi ofanana, palibe chotsala choti chibwerere padera. Ndinawauza kuti zimenezi ndi zakale, mu 1891 ku Germany anayendetsa moto wa mafezi atatu kuchoka ku Lauffen kukafika ku Frankfurt, mtunda wa makilomita pafupifupi 175, ndipo mmodzi mwa akatswiri ake anali Mikhail Dolivo-Dobrovolsky.

Nanga 3.5 uja? Ndinawerengera pa katoni ya sopo. Pa 12, 10 ndi 8, chotsani 8 paliponse, chifukwa 8, 8, 8 ndi mivi itatu yofanana, imadyana yokha n'kutha. Zotsala ndi 4, 2 ndi 0. Muvi wa 4 waloza kumanja. Muvi wa 2 uli pa madigiri 120, ndiye ukubwerera kumanzere ndi 1, n'kukwera m'mwamba ndi 1.73. Kumanja kwatsala 3, m'mwamba 1.73, ndiye utali wake ndi sikweya luti ya 9 kuphatikiza 3, yomwe ndi sikweya luti ya 12, kutanthauza 3.46. Alamu anayang'ana katoni, anayang'ana mita, n'kuikolekanso kachiwiri kuti atsimikize. Kuwerengeraku kumagwira bwino ngati katundu wa pa mafezi onse ali wa mtundu wofanana, fezi ina ikadzaza ndi mafiriji ina ili ndi maketulo okha mivi ija imasuntha pang'ono pa 120 ndipo mita siigwirizana nawe ndendende. Ndinakonda kuti nyutulo sikuuza kuchuluka kwa moto womwe nyumba ikudya, imakuuza kusiyana kwa mafezi.

Za bulekala zinali zosavuta, shopu ya tchipisi ndi saluni onse anali pa fezi yoyamba, madzulo akayatsa madiraya ndi zokazingira zimapitirira muyeso. Anasamutsira saluni ku fezi yachitatu, tinadya nsima kwa achemwali, ine n'kubwerera kunyumba.

Koma tili m'njira alamu anandiuza chinthu chomwe chandisowetsa mtendere mpaka ndadzuka kudzalemba. Akuti anapitapo pa ofesi ina yodzaza makompyuta, mafezi onse atatu akuwerenga mofanana bwinobwino, koma nyutulo ili yotentha ukaigwira pachikopa chake, ndipo mita ikuonetsa moto wambiri. "Ndiye masamu anu aja apa akunama?" Ayi alamu, sakunama, ndi mzere womaliza uja.

Kompyuta, tchaja ya foni ndi mababu ambiri amakonowa sakoka moto mosalala ngati ketulo, amachita kujompha pamwamba pa funde lililonse. Moto wojomphajomphawu ukauphwanya umapeza kuti muli funde la 50 lija, komanso mafunde ena othamanga kwambiri, ndipo lalikulu mwa iwo nthawi zambiri ndi lothamanga katatu, la 150 pa sekondi. Tsopano fezi yachiwiri yachedwa madigiri 120 pa funde la 50, koma kwa funde lothamanga katatu kuchedwa komweko ndi madigiri 360, ulendo wathunthu, kubwerera pomwe linayambira. Fezi yachitatu 720, chimodzimodzi. Mivi itatu ija yonse yaloza mbali imodzi.

```
1 + ω + ω² = 0
1 + ω³ + ω⁶ = 1 + 1 + 1 = 3
```

Ndiye ngati fezi iliyonse ili ndi maampu 3 a funde la 150, pa nyutulo padutsa maampu 9, ngakhale mutalinganiza mafezi mosamala chotani. Pomwe katundu yense ndi wa mtundu umenewu nyutulo imatha kunyamula moto woposa wa fezi imodzi, ndipo choopsa n'choti nthawi zambiri waya ameneyu alibe bulekala yakeyake yomwe ingagwe. Kuzindikira kwake ndi kosavuta ngati mita yanu imayezanso kuthamanga kwa funde, mukaikoleka pa nyutulo iwerenga pafupi ndi 150 m'malo mwa 50. Apa kusamutsa saluni sikuthandiza, pamafunika nyutulo yonenepa.

Mizere iwiri ili pamwambayi ukaiika pamodzi ndi sefa. Mapawa a 1, 2, 4, 5, kutanthauza mafunde othamanga kamodzi, kawiri, kanayi, kasanu, amagwa n'kukhala ziro, a 3, 6, 9 amatsala pamwamba. Sefa yomweyi ndi yomwe ili mkati mwa njira ya Fourier yophwanyira mawu kapena funde lililonse: ukafuna kudziwa kuti funde lakuti lilimo lochuluka bwanji, umataimuza zoyeza zako ndi maluti a yuniti n'kuphatikiza, mafunde ena onse amadyana ngati masipoko aja, lako lokha n'kutsala. James Cooley ndi John Tukey anasindikiza njira yachangu yowerengera zimenezi mu 1965, ndipo zida zoyezera magetsi zomwe zimatha kukuuza kuti la 150 ndi lochuluka chonchi zimagwira ntchito ndi masamu omwewa.

Ndawatumizira alamu chithunzi cha mizere iwiri ija pafoni, ayankha kuti Loweruka akupita ku sukulu ina yomwe ili ndi chipinda cha makompyuta, abwereka mita yoyeza funde kwa mnzawo ndipo ndikonzeke sikisi koloko. Katoni ya sopo ija ndabwera nayo, ndiyambira pamenepo ndi ana a Fomu 4 tikatsegulira.