Sabata yofufuza phokoso la inveta pa pampu ya thanki

Lolemba ndinaitanidwa ku munda wina wothirira mbewu ku Chikwawa. Pampu yawo imatunga madzi kukadzaza thanki yakuya mamita 5, ndipo atangoika inveta yoyendetsa mota ya pampuyo, nambala ya kuchuluka kwa madzi inayamba kuvina pa sikirini. Pampu inkazima thanki isanadzaze, kenaka nʼkuyakanso yokha. Mita yoyeza madzi odutsa mʼpaipi, yomwe imalankhula ndi PLC, kakompyuta kolamulira pampu, kudzera pa mawaya otumizira mauthenga a RS-485, nayonso inkasowa kangapo pa ola. A fomani anali atagula kale sensa yatsopano, koma vuto silinasunthe.

Sensa ya mʼthankimo imatumiza 4 mA thanki ikakhala yopanda madzi ndi 20 mA ikadzaza. Ndiye kuti 16 mA ikuimira mamita 5, kapena tinene kuti 1 mA ndi masentimita 31. Nambala inkakwera ndi kutsika ndi 0.5 mA, kutanthauza masentimita pafupifupi 16 a madzi omwe kulibeko. Pa rezisita ya 250 Ω imene PLC imawerengerapo, kumeneku ndi kusintha kwa 0.125 V chabe. Mawaya opita ku mota amanyamula mavoti mazanamazana, ndiye sipafunika zambiri kuti kachizindikiro kakangʼono chonchi kasokonezeke.

Sindinakonze chilichonse tsiku limenelo, ndinangoyesa. Ndinapempha kuti azimitse inveta, nambala nʼkukhazikika nthawi yomweyo. Atayatsanso, ndinachotsa chingwe cha sensa pa paneli nʼkulumikiza kachipangizo kanga kotulutsa 12 mA. Sikirini inaonetsa theka la thanki osagwedezeka. Kenaka ndinapita ku thanki, kuchotsa sensa, nʼkutumiza 12 mA yomweyo kudzera mʼchingwe chonse, ndipo nambala inayambiranso kuvina. Apa zinaonekeratu kuti sensa ilibe mlandu, PLC ilibenso mlandu. Phokoso, ndiko kuti magetsi osokera osokoneza chizindikiro, linkalowera mʼnjira.

“A injiniya, bwanji osangouza PLC kuti iziwerenga pangʼonopangʼono, nambala ikhazikike?” anafunsa a fomani.

“Bambo, zimenezo zitheka, koma tikhala tangophimba chilonda. Mita ya madzi ija ipitirizabe kusowa, ndipo magetsi osokerawa azidutsabe momwe sayenera kudutsa.”

Lachiwiri ndinatsata chingwe ndi mnyamata wophunzira ntchito pamalopo. Pa mtunda wa mamita ngati 40, chingwe cha sensa, cha RS-485 ndi cha mota zinali mʼthireyi imodzi, zomangidwa pamodzi mwaukhondo ndi timalamba tapulasitiki. Amene anaika anafuna kuti ntchito ioneke bwino, ndipo inkaonekadi bwino. Koma inveta sipereka magetsi osalala ngati a 50 Hz ochokera pa thiransifoma. Imadula ndi kulumikiza mavoti pafupifupi 560 kambirimbiri, ndipo iyi inaikidwa pa 4 kHz, ndiko kuti maulendo 4,000 pa sekondi. Kudula kulikonse kumakankha kamphamvu kena kudutsa pulasitiki ya chingwe kupita ku chitsulo kapena waya aliyense wapafupi. Kamphamvu kameneka kayenera kubwerera ku inveta kumene kanachokera. Kali ngati madzi a mvula: ukapanda kuwakumbira ngalande, amadzipezera okha njira, ngakhale yodutsa mʼnyumba.

Ngalande yake inayenera kukhala mawaya achitsulo okuta chingwe cha mota. Ku paneli anali omangidwa bwino ndi gilandi yamkuwa, chopanira chingwe pamene chikulowera, koma ku mota ndinapeza gilandi yapulasitiki, mawaya achitsulowo atadulidwa nʼkungosiyidwa. Choncho phokoso lofika ku thupi la mota linkabwerera kudzera mʼmapaipi, mʼthanki, ndiponso mu shilidi, chokutira chachitsulo cha chingwe cha sensa, chifukwa shilidiyo inali yolumikizidwa ku efi, njira ya magetsi yopita pansi, mbali zonse ziwiri, ku thanki ndi ku paneli. Nditaichotsa ku thanki nʼkuyeza pakati pa shilidi ndi chitsulo cha thanki, mita inaonetsa pafupifupi 2 V pampu ikuyenda, ndipo pafupifupi ziro itaima. Mita wamba siyeza molondola phokoso lothamanga chonchi, koma kusiyana kwake kunali kokwanira kundiuza zoona.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ndipo mnyamata uja anafunsa funso loyenera: “Achimwene, nanga bwanji kuno mukuchotsa mbali imodzi, koma ku mota mukuti timange mbali zonse?” Ntchito za zokutira ziwirizi nʼzosiyana. Chokutira cha chingwe cha mota chilipo kuti chinyamule phokoso kubwerera nalo ku inveta, ndiye chikaduka mbali imodzi sichinyamula kanthu. Shilidi ya sensa ilipo kuti itchinge mawaya awiri amʼkati, ndipo sitifuna kuti magetsi aziyenda mʼmenemo. Ukaimanga mbali zonse pomwe efi ya ku thanki ndi ya ku paneli zikusiyana, yasanduka waya wolumikiza ma efi awiriwo. Nʼchifukwa chake pa chizindikiro chosintha pangʼonopangʼono ngati 4-20 mA timamanga ku paneli kokha. Mʼfakitale momwe zitsulo zonse nʼzolumikizana bwino, opanga zipangizo ena amalamula kumanga mbali zonse, makamaka pa zingwe zolankhulirana, ndipo pamenepo ndimatsatira buku lawo. Pamunda pano thanki ili patali ndi ndodo yakeyake ya efi, mʼnthaka youma gwa ya mwezi wa Okutobala.

Lachitatu linali la ntchito yamanja. Tinazimitsa, kukhoma loko pa switchi, kudikira mphindi zolembedwa pa inveta, ndi kuyeza kuti makapasita atsitsadi mphamvu. Tinaika gilandi yamkuwa ku mota, yogwira mawaya achitsulo mozungulira monse, titapala penti kuti chitsulo chikhudze chitsulo. Shilidi ya sensa ku paneli inali yopotedwa ngati kamchira kotalika masentimita 20. Kamchira kotere kamagwira ntchito pa 50 Hz, koma phokoso lothamanga limakaona ngati chotchinga, ndiye tinakadula nʼkupana shilidiyo ndi kilampu pa chitsulo cha efi pomwe chingwe chimalowera. Ku thanki tinaikulunga ndi tepi kuti isakhudze chilichonse. Waya wa efi wobiriwira ndi wachikasu sitinamuchotse paliponse. Ameneyo ndi woteteza moyo wa munthu, ndipo ndimadana kwambiri ndi kumva kuti wina anamudula pofuna kuthetsa phokoso.

Lachinayi tinasamutsa zingwe za sensa ndi RS-485 kupita mʼpaipi yachitsulo yakeyake, masentimita 30 kuchoka pa chingwe cha mota. Pamalo pomwe panalibe kuchitira mwina, zinadutsana mopingasa osati moyenda limodzi, popeza kutalika kwa mtunda umene zingwe zikugundizana ndi kumene kumachulukitsa phokoso. Nambala inatsala ikugwedezeka ndi sentimita imodzi kapena awiri.

Mita ya madzi inali ikusowabe mwa apo ndi apo. Magetsi ali ozima ndinayeza pakati pa mawaya A ndi B a RS-485 nʼkupeza 40 Ω. Mzere wa RS-485 umafuna rezisita ya 120 Ω kumapeto awiri okha, ndipo ziwirizo pamodzi zimapereka 60 Ω. Kupeza 40 Ω kumatanthauza kuti zilipo zitatu. Yachitatu inali pa inveta, yomwe ili pakati pa mzere, kaswitchi kake katayatsidwa. Tinakazimitsa, ndipo tinalumikizanso waya wachitatu wa COM amene anangosiyidwa, chifukwa zipangizo za RS-485 zimalolera kuti A ndi B asiyane ndi COM yawo pakati pa −7 V ndi +12 V pokha.

Lachisanu pampu inayenda kuyambira mʼmawa mpaka madzulo pa liwiro losiyanasiyana, ndipo kaunta ya mauthenga olakwika a Modbus, chilankhulo cha zipangizo za pa RS-485, sinachoke pa ziro. Mʼlipoti ndalemba kuti mawaya achitsulo aja safanana ndi shilidi yamkuwa yolukidwa, choncho akadzawonjezera pampu yachiwiri adzagule chingwe chopangidwira inveta. Ndalembanso kuti aike zotetezera ku mphezi mbali zonse ziwiri za chingwe cha sensa mvula isanayambe mu Novembala.