Mmene ndimatetezera ketoni isanakumane ndi Grignard

Ndikafuna kupanga CH3COCH2C(OH)Ph2, ndimayambira pa etilo asetoasiteti, CH3COCH2CO2Et. Cholinga changa nchakuti Grignard, yomwe apa ndi PhMgBr, igwire esitala kawiri, ketoni itsale osakhudzidwa. Koma mukangothira Grignard pa molekyu imeneyi momwe ilili, simupindula kanthu. Ma H a pa CH2 ya pakati pa makabonilo awiriwo amachoka mosavuta, pKa yawo ili cha m'ma 11, choncho PhMgBr imayamba yazula H nkusanduka benzini. Ingakhale yotsalayo, imathamangira ketoni, chifukwa ketoni ndi yosavuta kugwira kuposa esitala. Ndiye ketoni iyenera kubisidwa kaye, ndipo ndimaibisa poisandutsa ketalo.

M'botolo lophikira ndimaikamo magalamu 13.0 a etilo asetoasiteti, omwe ndi 0.10 mol, magalamu 7 a etilini gulayikolo, HOCH2CH2OH, kachidutswa ka asidi wa TsOH ka magalamu 0.1, ndi toluwini wokwana 80 mL. Pamwamba ndimalumikiza msampha wa Dean-Stark nkuyamba kuwiritsa. Kupanga ketalo kumatulutsa madzi, ndipo madziwo akakhala momwemo amaibweza ketalo ku ketoni. Toluwini akamawira amakwera nawo limodzi, akazizira madzi amamira pansi pa msampha, toluwini nkubwerera m'botolo. Pa 0.10 mol ndimayembekezera madzi okwana 1.8 mL. Akapitirirako pang'ono sindidandaula, gulayikolo wina amakwera nawo. Chomwe ndimayang'ana nchakuti madontho asiye kugwa.

Zikazizira ndimatsuka ndi madzi a NaHCO3 ndisanachite china chilichonse. Apa mpamene ambiri amataya ntchito yawo. Asidi akatsalira, kenako pakabwera chinyontho, ketalo imamasuka mwakachetechete muli mkati mochotsa toluwini. Ndikaumitsa ndi MgSO4 ndi kuchotsa toluwini, ndimayeza. Pa IR mzere wa ketoni wa cha pa 1715 uyenera kuzimiririka, wa esitala wa cha pa 1740 nkutsala. Pa NMR ndimafuna ma H anayi a OCH2CH2O cha pa 4.0, ndipo CH3 yomwe inali cha pa 2.3 isamukire cha pa 1.5. Ngati pa 2.3 pakuonekabe kanthu, ndimabwezera pamoto.

Tsopano Grignard ikhoza kulowa. Esitala imadya ma PhMgBr awiri, ndiye pa 0.10 mol iliyonse ndimaika 0.22 mpaka 0.25 mol mu Et2O youma, nkumadonthetsa esitala pang'onopang'ono. Ketalo siopa Grignard kapena LiAlH4, imaopa asidi wa m'madzi basi. Nchifukwa chake pomaliza ndimathira madzi a NH4Cl, osati HCl.

Kuchotsa ketalo kumafuna dzanja lofewa. Ndimasungunula mu asetoni, nkuwonjezera madzi ndi HCl wochepa mphamvu, nkumayang'ana TLC pafupipafupi. OH yomwe ndapanga ili pa kaboni yonyamula ma Ph awiri, ndipo ikatenthedwa ndi asidi wamphamvu imachoka ngati madzi, nkutsala CH3COCH=CPh2. Pa NMR mumaiona ndi H imodzi yatsopano ya pa C=C, komanso kusowa kwa OH.

OH imeneyi sindiiteteza, chifukwa imabadwa ntchito ya Grignard itatha. Zikanakhala zina molekyu yoyambira ikanakhala ndi OH kale, monga BrCH2CH2CH2CH2CH2OH yomwe mukufuna kuisandutsa Grignard. Grignard iliyonse yopangidwa ikanazula H ya pa OH ya inzake nkufera pomwepo. Pamenepo ndimagwiritsa ntchito njira yomwe E. J. Corey anafalitsa mu 1972: kubisa OH ndi gulu la silikoni lotchedwa TBS, poika magawo 1.2 a TBSCl ndi magawo 2.5 a imidazolo pa gawo limodzi la alukoholo, mu DMF, osatenthetsa. Pochotsa TBS ndimathira TBAF, mchere wokhala ndi F, mu THF, chifukwa F imakonda Si kwambiri. Kubisa OH poisandutsa asiteti nkotchipa, koma asiteti ndi esitala, Grignard ikanaidya.

Molekyu ikafuna zoteteza ziwiri, ndimasankha TBS pa OH ndi ketalo pa ketoni, popeza TBAF imachotsa TBS ketalo osaikhudza. Kumbali inayo sizophweka chimodzimodzi: asidi wochotsa ketalo amathanso kugwetsa TBS ya pa CH2OH, ndiye ngati OH iyenera kukhalabe yobisika ndimasinthira ku TBDPS, yomwe imapirira asidi kwambiri. THP, choteteza china cha OH, pamodzi ndi ketalo sindiyika, zonse zimagwa ndi asidi yemweyo.

Nthawi zina sinditeteza konse. Kuteteza kumawonjezera masitepe awiri, ndipo ngakhale lililonse litapereka 90 peresenti, mwatsala ndi 81. Ndikanafuna kusandutsa ketoni ya etilo asetoasiteti kukhala OH esitala nkutsala, ndikanangothira NaBH4 mu etanolo wozizira, chifukwa imagwira ketoni msanga, esitala isanakhudzidwe.