Ndina-, ndina-, ndina-: momwe ndinakonzera chimangirizo changa

Mtima wanga wakhala pansi sabata ino. Kuyambira teremu yatha, chimangirizo chilichonse chimene ndapereka chakhala chikubwerera ndi mawu ofiira m'mbali akuti "sinthani mayambidwe a ziganizo". Ndinkawaona mawuwo koma chochita sindinkachidziwa.

Mutu unali uja timaudziwa tonse a Fomu 4, wa tsiku limene sindidzaliiwala. Ndinalemba za tsiku limene ndalama za nsapato zinandisowa mu Limbe, ndipo ndime yachiwiri inali yotere:

"Ndinakwera minibasi ku Ndirande. Ndinatsika mu Limbe. Ndinapita kumsika. Ndinapeza nsapato pa benchi ya mayi wina. Ndinafunsa mtengo. Ndinapisa m'thumba. Ndinapeza kuti mulibe ndalama."

Poyamba ndinkangomata "kenako", "ndipo", "choncho" kutsogolo kwa chiganizo chilichonse. Zinafika poipa, chifukwa tsopano ndime yonse inkangoti kenako kenako ngati mwana akufotokoza ndewu ya kumjigo.

Amene ananditsegula maso ndi mnzanga wina amene timawerengera limodzi Loweruka. Anatenga kope langa n'kunena kuti, "Iwe, tawerenga mokweza mawu oyamba okhaokha." Ndinawerenga: ndinakwera, ndinatsika, ndinapita, ndinapeza. Kasanu ndi kawiri konse! Ndiye anandifunsa kuti pa zochitika 7 zimenezi, nkhani yeniyeni ndi iti? Yeniyeni ndi ya m'thumba mopanda kanthu. Zinazo ndi njira chabe yofikira pamenepo, koma ine ndinazipatsa chiganizo chakechake chilichonse ngati zonse n'zolemera mofanana.

Choncho zing'onozing'ono ndinazitsitsa kukhala nthambi zosaima pazokha pogwiritsa ntchito -ta- ndi n'ku-, zomwe timayankhula tsiku ndi tsiku osaganizira n'komwe. Koma chimene chandisangalatsa kwambiri, chomwe ndikuona ngati ndicho mankhwala a vuto lonseli, ndi ichi: chinthu chimene chiganizo chathera, chimenecho chiyambe chiganizo chotsatira. Ndime ija inasanduka chonchi:

"Nditatsika minibasi mu Limbe, ndinalunjika kumsika kukafuna nsapato za kusukulu. Nsapatozo ndinazipeza pa benchi ya mayi wina wogulitsa kaunjika. Mayiyo atatchula mtengo, ndinapisa m'thumba n'kutulutsa dzanja lokhalokha. Ndalama zinali zitapita."

Taonani: chiganizo choyamba chathera pa nsapato, chachiwiri chayamba ndi "nsapatozo". Chachiwiri chathera pa mayi, chachitatu chayamba ndi "mayiyo". Sindinachite kusakasaka mawu atsopano oyambira, anabwera okha. Chichewa chimalola zimenezi mosavuta, chifukwa pamtherankhani ukhoza kumubweretsa kutsogolo bola mneni atenge kachizindikiro kake, ngati -zi- wa mu "ndinazipeza". Ukasiya -zi- uja n'kulemba kuti "nsapatozo ndinapeza", khutu limakana lokha. Ndipo ka -zo ndi ka -yo kakumapeto ndi kamene kamauza wowerenga kuti chinthuchi wachimva kale, asadabwe nacho. Zokwera minibasi ku Ndirande ndinangozichotsa, palibe munthu amatsika asanakwere.

Chiganizo chomaliza ndinachisiya chachifupi dala. Kale zonse zinali zazifupi, ndiye panalibe chimene chinkamveka kuposa chinzake. Pano mawu atatuwo akugunda chifukwa abwera pambuyo pa zazitali.

Ndinalakwitsanso kawiri ndisanafike apa. Nditangomukonda -ta-, ndinamuika paliponse: nditadzuka, nditasamba, nditadya. Matenda omwe aja, angosintha malaya. Pano ndimayesetsa kuti asayambe ziganizo ziwiri zotsatizana. Kwina ndinalemba kuti "Potsika minibasi, kondakitala anandikankha", mnzanga uja n'kufunsa kuti ankatsika ndani, iwe kapena kondakitala? Po- satchula mwininkhani, ndiye wowerenga amangomupatsa dzina limene labwera pafupi. Ndinakonza kuti "Ndikutsika minibasi, kondakitala anandikankha."

Chimandiwawa n'chakuti zonsezi zinatenga mphindi 20 zokha pakhonde. Ndikudziwa kuti aphunzitsi athu ali ndi makope ambirimbiri oti achonge, ndipo sindikuwanyoza. Komabe akanangolemba ndime imodzi pa bolodi n'kuikonza ife tikuona, bwenzi teremu yonse ija isanapite pachabe. Kutiuza kuti "sinthani" osationetsa posinthira kunangondichititsa kuganiza kuti mutu wanga ndiwo wouma.

Chimene sindinatsimikize ndi cha m'chipinda cha mayeso a MSCE. Kunyumba ndimalemba kaye, kuwerenga mokweza, n'kukonza. M'mayeso simuwerengedwa mokweza, ndipo nthawi yolemba kawiri sindikuiona. Ndayesa kudula mzere ndi pensulo kunsi kwa mawu oyamba a chiganizo chilichonse kuti maso agwire ntchito ya khutu, koma pandime yofotokoza maganizo, yopanda minibasi ndi mayi wa kaunjika, unyolo uja wolumikiza mathero a chiganizo ndi chiyambi cha chotsatira ukumandidukira pachiganizo chachitatu. Mwina ndi kusazolowera, mwina njirayi ndi ya nkhani zosimba zokha, kaya.