Sanalembe malipiro: mmene ndinapezera nambala yoti nditchule

Chilengezo cha ntchitoyo chinali ndi zonse: maphunziro ofunika, zaka zimene munthu wagwirapo ntchito, tsiku lotsekera makalata. Pa malipiro anangoti tidzakambirana. Koma fomu yofunsira ntchito inali ndi kabokosi kofuna kuti ndilembe ndalama imene ndikuyembekezera, ndipo sinkalola kupitirira kabokosiko kali kopanda kanthu. Iwo abisa nambala yawo, yanga akuifuna. Ndinaitseka fomuyo, n'kudzipatsa masiku asanu.

Kuti nkhani imveke posatengera ndalama ya dziko lililonse, ndiwerengera chonchi: malipiro anga a pamwezi pa ntchito imene ndinali nayo nthawiyo, asanadule msonkho, ndiwatcha 100. Nambala zina zonse muziyerekeze ndi imeneyo.

Choyamba chimene chinkafuna kundisocheretsa ndi dzina la udindo. Analemba kuti akufuna manijala wa mosungira katundu. Mawu akuti manijala amakoma m'khutu, koma salipira. Pali manijala amene ali ndi anthu 60 pansi pake ndiponso amasainira bajeti, palinso manijala amene ali yekha ndi makiyi ndi mlonda. Choncho ndinasiya dzina, n'kuwerenga mndandanda wa ntchito ndi pensulo m'manja, ndikufuna mayankho a mafunso atatu: ndidzayang'anira anthu angati, ndidzayankha kwa ndani, nanga pali ndalama kapena katundu amene ndidzasainire ndekha? Zinapezeka kuti anthu ndi 12, bwana wanga adzakhala manijala wina osati mkulu wa kampani, ndipo zogula zonse amavomereza ndi a ku ofesi ya zachuma. Imeneyo ndi ntchito ya kapitawo wamkulu yovala jekete ya manijala. Zaka zimene anapempha, zitatu mpaka zisanu, zinagwirizananso ndi zimenezo. Kuyambira pamenepo ndinkafufuza malipiro a ntchito ya msinkhu umenewo, kaya ena aitcha dzina lanji.

Mawebusaiti a malipiro sindichedwapo. Pa Glassdoor ndi ena otere, nambala amalemba ndi antchito eni ake, mwa kufuna kwawo, ndiye choyamba kuyang'ana ndi chiwerengero cha anthu amene anayankha ndi chaka chimene anayankhira. Pa udindo wanga anali anthu anayi, ndipo malipiro ake anayambira pa 90 kukafika pa 210. Mpata wotere sukuuza kanthu. Wa 210 uja ayenera kuti anali manijala weniweni wa kampani yaikulu, ndipo munthu mmodzi wotere pakati pa anayi amakoka avereji yonse kupita m'mwamba. Ndinalemba nambalazo m'mphepete mwa pepala, osaziika m'gulu la umboni.

Chimene chinandithandiza ndi zilengezo za makampani ena. Alipo olemba ntchito amene amaika malipiro poyera, makamaka mabungwe a boma ndi mabungwe akuluakulu okhala ndi magiredi. Malamulo nawonso akusintha m'madera ena: ku Colorado m'dziko la America anayamba kukakamiza olemba ntchito kuika malipiro pa chilengezo mu 2021, mzinda wa New York unatsatira mu 2022, ndipo mayiko a mu European Union anagwirizana mu 2023 kuti wofunsira ntchito aziuzidwa malipiro oyambira asanafike pokambirana. Ngati kampani imene mukuifuna ili ndi nthambi kumalo otere, chilengezo chake cha kumeneko n'chothandiza, koma musatenge nambala yakeyo n'kuisintha kukhala ndalama ya kwanu, mudzalota masana. Chimene mungatengeko ndi kusiyana kwa magiredi: kapitawo amaposa kalaliki ndi zingati pa 100, manijala amaposa kapitawo ndi zingati.

Ine ndinapeza chilengezo chimodzi chofanana kwambiri: kampani ya msinkhu womwewo, mzinda womwewo, anthu oyang'anira 10. Analemba 115 mpaka 135. Vuto lake chinali cha zaka ziwiri zapitazo. Ndinayang'ana mmene mitengo ya zinthu inakwerera pa zaka ziwirizo malinga ndi ofesi ya boma yowerengera, ndipo kwa ine zinabwera pafupifupi 10 peresenti. Ndikawonjezera, zinakhala 126 mpaka 148. Ndinaika kachizindikiro pambali, chifukwa malipiro kawirikawiri amatsalira m'mbuyo mitengo ikamakwera. Ndiye 148 ndinaiona ngati denga, osati pakati.

Tsopano anthu. Apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni, ndiponso pamene ndinapunthwa.

Munthu sumufunsa kuti amalandira zingati. Amaseka, n'kusintha nkhani, kapena amakuuza nambala yodzikometsera. Funso limene limayankhidwa ndi lokhudza ntchito, osati thumba lake. Ndinaimbira mayi wina amene anali bwana wanga pa ntchito yanga yoyamba, ndipo tsopano amalemba yekha anthu a udindo ngati umenewu. Titapatsana moni ndinati, "Amayi, mundithandize nzeru. Munthu woyang'anira anthu 12 mosungira katundu, wa zaka zisanu pa ntchito, inu mukanamulemba lero mukanamuika pati?" Sanazengereze. Anati 150. Mtima unadumpha. Mwamwayi ndinafunsanso kuti, "Imeneyo ndi yonse pamodzi kapena malipiro okha?" Anaseka. "Mwana wanga, ndawerengera zonse zimene kampani imawononga pa iwe. Muli alawansi ya mayendedwe, muli gawo la penshoni limene timakuikira. Chotsa zimenezo, utsala ndi 125."

Wachiwiri anali mnzanga wa kusukulu amene amagwira ntchito yonga yomweyi pa kampani ina. Iye anangonena yekha, osafunsidwa: "Achimwene, musadzivute, ife timalandira 105 basi." Usiku umenewo ndinagona ndi maganizo akuti ntchitoyi siyoyenera kusiyira imene ndili nayo. Ndinatsala pang'ono kulemba 110 m'kabokosi kaja kuti ndingothana nazo. M'mawa mwake ndikuyang'ana pepala langa la malipiro, maso anagwera pa mizere iwiri, wa pamwamba ndi wa pansi, ndipo ndinazindikira chimene chachitika. Munthu akamadandaula za malipiro amatchula imene imalowa ku banki. Ndinamutumizira uthenga, iye n'kuvomera kuti 105 ndi yotsala atadula msonkho ndi penshoni, ndipo zodulazo zimadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ngati 105 ndi magawo atatu, gawo limodzi ndi 35, ndiye yonse ndi 140. Munthu amene ndinkamumvera chisoni ankandiposa ndi 40.

Kuchokera tsiku limenelo, nambala iliyonse ndinkaifunsa mafunso omwewo ndisanailembe: ndi ya pamwezi kapena pachaka, asanadule kapena atadula, muli maalawansi kapena ayi, nanga kumeneko amalipira miyezi 12 kapena pali wa 13? Womalizawu anthu amauiwala, koma mwezi umodzi woonjezera pachaka ndi pafupifupi 8 peresenti.

Wachitatu anali ejenti wa kampani yopezera anthu ntchito. Awa amadziwa msika kuposa tonse, chifukwa amaona makalata olembera anthu ntchito sabata iliyonse, ndipo nthawi zambiri malipiro awo amawerengeredwa pa malipiro a munthu amene amupezera malo. Sanali wokhudzidwa ndi ntchito imeneyi, choncho analibe chifukwa chondinamiza. Anati 120 mpaka 145, ndipo anawonjezera kuti amene amadziwa pulogalamu ya pakompyuta yowerengera katundu amakhala chakumtunda. Ine ndinkaidziwa.

Pepala langa linali ndi mizere inayi, yonse ya pamwezi, asanadule msonkho, yopanda maalawansi: 126 mpaka 148, kenako 125, kenako 140, kenako 120 mpaka 145. Sindinaphatikize n'kugawa. Ndinangoyang'ana pamene nambala zaunjikana, ndipo zinaunjikana pakati pa 125 ndi 145, pakati penipeni pali 135. Magwero anayi osadziwana akaloza malo amodzi, ndimakhulupirira. Akanabalalika, ndikanadziwa kuti ndasakaniza ntchito ziwiri zosiyana msinkhu, n'kubwerera ku mafunso atatu aja.

Chinthu china chimene mayi aja anandikumbutsa: makampani ambiri okhala ndi magiredi amaika nambala ya pakati, ndipo giredi imayambira cha pa 80 peresenti ya nambalayo kukafika cha pa 120 peresenti. Pa 135, ndiye kuti pansi ndi 108, pamwamba 162. Koma pamwambapo ndi pa anthu amene akhalitsa. Wobwera kumene kawirikawiri amamuika pansi pa nambala ya pakati, kuti asapose amene akhala zaka zambiri pa desiki yoyandikana nayo. Choncho 162 ilipo pa pepala, koma si yanga.

Ndinaikanso nambala ina imene sinachokere kumsika: pansi pomwe sindingatsikire. Ntchito yatsopanoyo inali kutali, ulendo wa tsiku ndi tsiku ukanandidya pafupifupi 8, ndipo ndikanayambiranso miyezi ya kuyesedwa. Ndinaona kuti pansi pa 122 palibe chifukwa chonyamukira. Nambala imeneyi sindinauze aliyense.

M'kabokosi kaja ndinalemba 140. Kankalola nambala imodzi yokha, ndipo ndinasankha yapamwamba pang'ono kuposa pakati, popeza pokambirana nambala imene watchula imatsika, sikwera.

Patapita sabata ziwiri anandiimbira a ku ofesi yolemba anthu ntchito, bambo wa mawu ofatsa. Tisanapangane tsiku la intavyu ndinati, "Bambo, pepani ndifunse, kuti ndisakutayitseni nthawi. Udindo umenewu munauikira bajeti yochokera pati kufika pati?" Anati zimenezo zimadalira munthu, n'kundibwezera funso: panopa ndimalandira zingati? Limenelo ndinalizemba, chifukwa ndikanatchula 100, akanangoikapo kenakake pamwamba n'kuti andikweza. Ndinayankha kuti ntchito yanga ya panopa ndi yosiyana kukula kwake, koma malinga ndi zimene ndafufuza, ntchito ngati iyi ikulipidwa 135 mpaka 150 asanadule msonkho, popanda maalawansi, ndipo ndikufuna kudziwa ngati tili m'dera limodzi. Anakhala chete pang'ono, ndikumva akutembenuza mapepala. "Kumtundako mwapitirira pang'ono," anatero, "koma bwerani tidzakambirane."

Yankho limenelo linandiuza zimene chilengezo chinabisa. Sanati ndapitirira konsekonse, anati kumtunda kokha. Ndiye 135 inali mkati mwa bajeti yawo, 150 inali kunja.

Kalata itabwera analemba 132, ndi alawansi ya mayendedwe ya 6 payokha. Ndinayankha mwaulemu, n'kutchula pulogalamu ya katundu ija ndi anthu asanu ndi atatu amene ndinkayang'anira kale, ndipo ndinapempha 140. Anabwera ndi 137, alawansi osaikhudza. Ndinapempha kuti nambala ziwirizo azilembe pa mizere yosiyana m'kalata, chifukwa penshoni yawo amawerengera pa malipiro okha, ndipo ndinasaina Lachinayi masana.