Anafuna shuga, anapita ndi sopo

Ndangochoka pa grosale ina pa Kamuzu Road pano pa Salima, ndipo mtima ukundiwawabe. Agogo ena ochokera ku Senga Bay anabwera dzulo, phokoso la maminibasi lili pakatikati, nkunena kuti: “Mwanangu, undipatse shuga mapaketi 3 ndi sopo mmodzi.” Mwini sitolo anamva mosemphanitsa. Anawaikira sopo 3 ndi shuga paketi imodzi m’jumbo yakuda, nkumanga. Agogo analipira osayang’ana, poti chenji chochulukacho anangoti zinthu zatsika mtengo.

Lero abweranso pa kabaza ndi minibasi, ulendo wa makilomita pafupifupi 20, chifukwa shugayo anali wa thobwa la pa chinkhoswe cha mdzukulu wawo, ndipo anazindikira mphika uli kale pamoto. Za transipoti zadya ndalama yomwe akanagulira ndiwo.

Chandikhudza n’chakuti mwini sitoloyo sanakangane nawo. Anapepesa, kenako ndinamumva akubwereza mokweza, akuloza katundu pa kauntala: “Agogo, mwati shuga atatu, sopo mmodzi, eti?” Agogo anawerenga ndi chala, nkuti, “Eya, tsopano wamva.” Nanenso nditapempha machesi, anandifunsa kawiri asanatenge ndalama.